Jigiso m'kalasi ya ana 67: zimene pepala la kumaphunziro silinena

Aphunzitsi ambiri amene ndimakumana nawo m'masukulu a zilankhulo ziwiri ali ndi pepala lina m'kati mwa kope lokonzera maphunziro. Analilandira kumaphunziro a masiku atatu kapena asanu, ndipo mwalembedwa masitepe a njira ziwiri zophunzitsira ana m'magulu. Yoyamba ndi jigiso. Yachiwiri ndi ija ya masitepe atatu: ganiza wekha, kambirana ndi mnzako, uza kalasi. Pepalalo ndi lolembedwa bwino ndipo masitepe ake sanalakwike. Chimene ndikutsutsana nalo n'chakuti limapereka njirazi ngati kaphikidwe ka mandasi, kuti ukatsatira mzere ndi mzere zituluka zokha, osanenapo kanthu za zimene ziyenera kukhalapo kale kuti njirayo igwire. Mphunzitsi akayesa n'kuona kuti ana sanamve, amadziimba mlandu yekha kapena amaimba mlandu ana, kenaka amabwerera ku kulembetsa za pa bolodi, n'kumasungira magulu tsiku lobwera woyendera sukulu.

Ndifotokoza phunziro limodzi limene ndinaonerera pasukulu ina ya m'boma la Angonia, m'kalasi yachinayi, chaka chimene Chipwitikizi chinali chitayamba kulowa m'malo mwa Chinyanja monga chilankhulo chophunzirira. Mphunzitsi wake ndi mayi wodziwa ntchito, ndipo anatsatira pepala lija mosadumpha kanthu. N'chifukwa chake phunziroli n'loyenera kulikamba: cholakwika sichinali kwa iwo.

Mutu unali ziwalo za chomera ndi ntchito zake. M'kaundula munali ana 72, ndipo mayiwo dzulo lake anali atawagawa m'magulu 18 a ana anayianayi. M'gulu lililonse mwana woyamba anapatsidwa muzu, wachiwiri tsinde, wachitatu tsamba, wachinayi duwa. Malinga ndi njira ya jigiso, ana onse a muzu amakumana paokha, a tsinde paokha, choncho choncho, n'kuphunzira mbali yawo mpaka kukhala akatswiri ake. Akatero aliyense amabwerera kugulu lake loyamba kukaphunzitsa anzake atatu aja. Palibe amene angadziwe chomera chonse popanda kumvetsera anzake, ndipo apa m'pamene pagona nzeru ya njirayi.

Tsikulo kunabwera ana 67. Asanu amene anajomba anasiya magulu asanu opanda mbali imodzi, ndipo palibe chimene pepala linanena pa zoterezi. Mabuku analipo 19. Kufotokoza malamulo kunatenga mphindi 6. Kusamutsa ana kupita m'ngodya zinayi za chipinda kunatenga mphindi 7, popeza madesiki ndi olemera ndipo mipata ndi yothina. M'ngodya iliyonse munaunjikana ana 16 kapena 17 pa mabuku anayi kapena asanu, n'kukhalamo mphindi 14. Kubwerera kunadya mphindi 5. Katswiri aliyense anali ndi mphindi 2 zophunzitsira anzake, zonse pamodzi 8, ndipo mphindi 5 zomaliza ana anakopera chidule cha pa bolodi. Mwa mphindi 45, zokwana 18 zinathera m'malangizo ndi m'kuyenda.

Ndinakhala pangodya ya tsamba. Ndime yawo inali ya mizere isanu m'Chipwitikizi, yonena kuti tsamba limapanga chakudya cha chomera pogwiritsa ntchito kuwala kwa dzuwa, madzi ndi mpweya. Mnyamata mmodzi amene kwawo amalankhulako Chipwitikizi anagwira buku n'kuwerenga mokweza. Atsikana awiri anakopera mizere yoyamba m'makope mwawo. Otsalawo ena ankasuzumira pamapewa a anzawo, ena ankangoyang'ana pawindo. Palibe amene anafunsa mnzake funso. Atabwerera m'magulu, "kuphunzitsa" kunali kuwerenga zimene munthu wakopera, ndipo amene sanakopere anangoti, "Tsamba ndi lobiriwira." Mtsikana wina nditamufunsa m'Chinyanja kuti chomera chimapeza kuti chakudya chake, anayankha msanga kuti chimadya fetereza ndi manyowa kudzera m'mizu. Ameneyu anali mmodzi wa akatswiri a tsamba.

Woyendera sukulu akanalowa nthawi imeneyo akanaona ana ali m'magulu, akulankhula, mphunzitsi akuzungulira. Pafomu yake akanachonga kuti phunzirolo linali lokhazikika pa mwana.

Kuti timvetse chifukwa chake zinatere, ndi bwino kukumbukira kumene jigiso anachokera. Anamuyambitsa ndi Elliot Aronson ndi ophunzira ake mu 1971 mumzinda wa Austin ku Texas, m'dziko la Amereka. Masukulu a kumeneko anali atangosakaniza ana achizungu, ana akuda ndi ana a mabanja ochokera ku Mexico, amene kale ankaphunzira padera, ndipo panali chidani ndi ndewu. Aronson ankafuna njira yokakamiza ana amene ankanyozana kuti adalirane. Nkhani imene amakonda kukamba ndi ya mnyamata wa m'kalasi yachisanu amene anamutcha Carlos, amene Chingerezi chinali chilankhulo chake chachiwiri. Poyamba anzake ankamuseka akamadodoma, koma atazindikira kuti mbali yake ibwera pamayeso ndipo palibenso wina angawauze, anayamba kumufunsa modekha ndi kumuthandiza kuti afotokoze. Nkhaniyi imatikhudza ife a zilankhulo ziwiri, ndipo n'zomveka kuti okonza maphunziro amaikonda. Koma taonani kusiyana kwake. Carlos anali mmodzi pakati pa ana odziwa chilankhulo cha buku, ndipo m'gulu la akatswiri anali ndi anzake omuthandiza kumvetsa mbali yake asanapite kukaphunzitsa. M'kalasi ya ku Angonia ija pafupifupi ana onse anali ngati Carlos. Panalibe womukoka mnzake.

Chinanso n'chakuti cholinga choyamba cha jigiso chinali kukonza ubale wa ana, ndipo kumeneko ndi kumene umboni wa Aronson unali wamphamvu. Pa nkhani ya kukhoza maphunziro zinthu sizinaoneke zoyera chotero. Robert Slavin wa ku yunivesite ya Johns Hopkins, atasanthula kafukufuku wochuluka wa kuphunzira m'magulu, anapeza kuti njira zimene zinkakweza kukhoza kwa ana zinali ndi zinthu ziwiri pamodzi. Gulu liyenera kukhala ndi cholinga chimodzi chimene lingayamikiridwe nacho, ndipo kupambana kwa gululo kuyenera kudalira zimene mwana aliyense payekha waphunzira, zoyesedwa popanda kuthandizidwa. Chimodzi chikasowa, phindu limachepa kapena kutheratu. Slavin anakonzanso jigiso kuti akwaniritse zimenezi: ana onse amawerenga kaye nkhani yonse, kenaka aliyense amazama pa mbali yake, pomaliza aliyense amalemba mayeso yekha ndipo malikisi a gulu amachokera pa m'mene membala aliyense wapitira patsogolo poyerekeza ndi kale. Pepala limene aphunzitsi athu ali nalo limapereka jigiso woyamba uja, ndiponso lopanda mayeso a pamapeto amene ngakhale Aronson anali nawo. Popanda mayesowo, mwana alibe chifukwa chomvetsera mnzake wododoma, makamaka akudziwa kuti aphunzitsi alemba chidule pa bolodi.

Pali njira yosavuta yodziwira ngati jigiso wagwira m'kalasi mwanu, ndipo ndikanakonda ikanakhala papepala lija m'malo mwa zithunzi za mivi. Mawa lake funsani mafunso asanu ndi atatu, awiri pa mbali iliyonse, mwana aliyense ayankhe yekha ndipo alembe pamwamba nambala ya mbali imene anali katswiri wake. Pochonga musaphatikize malikisi. Jambulani bokosi la mizere inayi chopingasa ndi inayi chotsika: chopingasa mbali imene mwana anaphunzira yekha, chotsika mbali imene funso likufunsa. Ngati ana akukhoza mbali yawo yokha n'kulephera zitatu zinazo, ndiye kuti magulu a akatswiri anagwira ntchito koma kuphunzitsana kunalephereka. Ngati mbali imodzi yavuta aliyense, akatswiri ake omwe, vuto lili mundime imene anapatsidwa. Ine ndi mayi aja tinachita zimenezi, mafunso tikufunsa m'Chinyanja, ndipo tinaona zonse ziwiri. Za muzu pafupifupi onse anakhoza, koma sizinali za jigiso: mwana amene amapalira kumunda amadziwa kale kuti muzu umamwa madzi ndi kugwiriziza mbewu. Za tsinde ndi duwa anakhoza makamaka eni ake. Za tsamba zinagwetsa kalasi yonse.

Chithunzi choyamba chija si cha kwathu kokha. Mu 2007 Martin Hänze ndi Roland Berger anafalitsa kafukufuku wa maphunziro a fizikisi m'kalasi ya 12 ku Germany. Ana a jigiso anaposa anzawo ophunzitsidwa ndi mphunzitsi pa mbali imene anali akatswiri ake, koma anatsalira pa mbali zimene anamva kwa anzawo, ndipo zonse zitaphatikizidwa panalibe kusiyana kwenikweni. Amenewo anali achinyamata a msinkhu womaliza sekondale, ophunzira m'chilankhulo cha dziko lawo, m'masukulu osasowa zipangizo. Sitingayembekeze kuti mwana wa zaka khumi, amene wangoyamba kuwerenga ndime zazitali za Chipwitikizi, achite bwino kuposa iwo m'mphindi ziwiri.

Vuto la tsamba likuonetsanso chinthu china chimene pepala silichenjeza, chakuti si mutu uliwonse umagawika. Ziwalo za chomera zimaoneka ngati mutu wobadwira jigiso chifukwa zilipo zinayi. Koma mbali zinayizi si zofanana kulemera. Zitatu mwana angazione ndi maso, pamene yachinayi, yakuti chomera chimadzipangira chokha chakudya m'masamba, imatsutsana ndi zonse zimene wamva kunyumba. Makolo, ngakhale alangizi a zaulimi, amati fetereza ndi chakudya cha mbewu, ndipo m'kalankhulidwe ka tsiku ndi tsiku sakulakwa. Kusintha ganizo lotere kumafuna mphunzitsi wodziwa pamene mwana akupunthwa, osati mnzake amene nayenso ali ndi ganizo lomwelo. Komanso ntchito ya tsamba siimveka popanda ya muzu ndi ya tsinde, pakuti madzi amene tsamba limagwiritsa ntchito amachokera kumeneko. Tikadula mutu wotere panayi, timadula malumikizano amene ndiwo phunziro lenilenilo.

Njira yachiwiri ya papepalalo ndimaikhulupirira kwambiri m'makalasi athu, ngakhale nayonso yalembedwa mopereweza. Anaifalitsa ndi Frank Lyman wa ku Maryland mu 1981. Ubwino wake ndi wa masamu chabe. Mukapereka mphindi 10 kuti ana 67 ayankhe mmodzimmodzi, inu osalankhulapo n'komwe, aliyense apeza masekondi 9. Akakambirana awiriawiri, ana 33 amalankhula nthawi imodzi, ndipo m'mphindi ziwiri aliyense wapeza mphindi yathunthu. Palibe desiki losuntha, palibe buku lofunika, ndipo kujomba kwa ana asanu sikuwononga kanthu.

Koma m'makalasi ambiri amene ndaonerera, masitepe atatu aja amasanduka limodzi ndi theka. Mphunzitsi amafunsa funso n'kunena nthawi yomweyo kuti, "Kambiranani awiriawiri." Sitepe yoganiza yadumphidwa, choncho mwana wachangu amanena yankho ndipo mnzake amangogwedeza mutu. Pomaliza mphunzitsi amasankha mwa amene akweza manja, amene ndi omwe aja a masiku onse. Mary Budd Rowe, amene anayeza zimenezi m'maphunziro a sayansi m'zaka za m'ma 1970, anapeza kuti aphunzitsi amadikira pafupifupi sekondi imodzi yokha akafunsa funso, ndipo akaphunzira kudikira masekondi atatu kapena kuposerapo mayankho amatalika ndipo ana ochuluka amayankha. Mwana wathu akufunika nthawi yoposa pamenepo, chifukwa ayenera kumva funso, kupeza ganizo, kenaka kufunafuna mawu a chilankhulo chachiwiri. Bata la theka la mphindi m'kalasi ya ana 67 limamveka lalitali kwambiri kwa mphunzitsi, ndipo ndaonapo ambiri akulidula ndi kubwereza funso katatu, poganiza kuti ana sanamve.

Sabata yotsatira mayi aja anabwereza nkhani ya tsamba mwa njira imeneyi, ndipo tinakonzera limodzi. Anayamba ndi funso la m'Chinyanja: "Amayi akamathyola khwanya m'munda wa nyemba, n'chifukwa chiyani samaliza masamba onse pa chomera chimodzi, pamene mizu ili bwinobwino m'nthaka yothira manyowa?" Funso limeneli ndi labwino chifukwa mwana aliyense ali ndi chonena, komabe yankho lake silili pamtunda, ndipo limagunda ganizo la fetereza lija mwachindunji. Funso la yankho la liwu limodzi, monga lakuti ndi chiwalo chiti chimamwa madzi, silifuna kukambirana, ndipo ana amadziwa zimenezo. Anapatsa ana theka la mphindi ali chete, aliyense alembe liwu limodzi kapena ajambule kanthu m'kope, kuti pakhale umboni wakuti waganiza asanamve za mnzake. Kenaka ananena amene ayambe: wokhala chakuwindo alankhule mphindi imodzi, iwo akawomba m'manja asinthane. Pamadesiki a ana atatu anawonjezera nthawi pang'ono ndipo anati wapakati ayambe, chifukwa kupanda kutero awiri ogwirizana amamusiya wachitatu. Asanayambe anawachenjeza kuti sasankha wokweza dzanja, ndipo amene atchulidwe anena zimene mnzake wanena, osati zake. Kalamulo komalizaka n'kamene kamachita ntchito ya mayeso a Slavin pang'onopang'ono: aliyense akhoza kufunsidwa, ndipo sangayankhe ngati sanamvetsere.

Ana akukambirana, mayiwo anayenda m'mizere iwiri akungomvetsera. Anamva mayankho a mitundu itatu. Ena ankati chomera chipsa ndi dzuwa chifukwa masamba ndi mthunzi wake. Ena ankati chimapumira m'masamba. Awiri ena anakumbukira kuti chimanga chomera pansi pa mtengo wa mango chimakhala chonyozoloka ngakhale chithiridwe fetereza mofanana ndi chinzake. Anatchula ana anayi, n'kuonetsetsa kuti yankho la mango libwere pomaliza, ndipo pa yankho limenelo m'pamene anamangapo kufotokoza kwawo kwa mphindi khumi za kuwala ndi chakudya. Atatha m'pamene analemba mawu a Chipwitikizi pa bolodi pambali pa a Chinyanja, n'kufunsa funso lachiwiri, loti awiriawiri apange chiganizo chimodzi cha Chipwitikizi chonena ntchito ya tsamba, atawapatsa chiyambi chake. Sindinganene kuti kalasi yonse inasiya ganizo la fetereza tsiku limenelo. Ganizo lotere limabwerera, ndipo linabwereradi m'mayankho ena a mayeso otsatira. Koma mayiwo tsopano ankadziwa chimene ana akuganiza, chimene jigiso sanawauze m'mphindi 45.

Apa pafika mfundo imene ndikuona kuti ndi yaikulu pa zonse zimene pepala lasiya. Silinena chilankhulo chimene ana akambirane. Linalembedwera kalasi ya chilankhulo chimodzi n'kungomasuliridwa. Aphunzitsi ambiri, poopa kuti ana achedwa kudziwa Chipwitikizi kapena kuti woyendera awadzudzula, amalamula kuti zokambirana za m'magulu zikhale m'Chipwitikizi kuyambira kalasi yachinayi. Zotsatira zake n'zimene Keith Chick anafotokoza mu 1996 za makalasi a ku South Africa: mphunzitsi ndi ana amagwirizana mosanena kulankhula mopewa manyazi, kuyankha pamodzi ndi kubwereza mawu oloweza, kuti pasaoneke kuti palibe akumva. Feliciano Chimbutane, m'buku lake la 2011 la masukulu a zilankhulo ziwiri a m'chigawo cha Gaza, anaonetsa kusiyana komweku m'dziko lathu lino: m'maphunziro a chilankhulo cha kwawo ana anali omasuka, otha ngakhale kutsutsa mphunzitsi, koma m'maphunziro a Chipwitikizi kalankhulidwe kopewa manyazi kaja kankabwerera. Kuika ana m'magulu sikuchotsa khalidwe limeneli. Kumangolisamutsira pangodya pamene mphunzitsi sakulimva. Chiyambire kuyesa koyamba kwa maphunziro a zilankhulo ziwiri m'zigawo za Tete ndi Gaza, pakati pa 1993 ndi 1997, chimene oonerera akhala akuyamikira m'makalasi amenewa n'chakuti ana amalankhula. N'zodabwitsa kuti njira zimene cholinga chake chonse ndi kulankhulitsa ana zikuperekedwa kwa ife popanda liwu limodzi pa nkhani ya chilankhulo.

Maganizo anga ndi akuti sitepe iliyonse ipatsidwe chilankhulo chake poyera, ana auzidwe. Kuganiza ndi kukambirana zikhale m'Chinyanja pamene ganizo ndi latsopano. Chipwitikizi chibwere pa sitepe youza kalasi, kapena pa funso lachiwiri monga anachitira mayi aja, ana atapatsidwa mawu ndi chiyambi cha chiganizo. Alipo aphunzitsi amene anditsutsa pa zimenezi, ndipo mfundo yawo si yopepuka: kumudzi mwana samva Chipwitikizi kwina kulikonse, choncho mphindi iliyonse ya Chinyanja m'kalasi yachinayi ndi mphindi yochotsedwa ku chilankhulo chimene adzalembere mayeso akuluakulu. Ndikuvomereza kuti nthawi ya Chipwitikizi ndi yochepa. Koma m'ngodya ya tsamba ija, m'mphindi 14 zimene zinali "za Chipwitikizi", mwana mmodzi yekha ndi amene anatulutsa mawu a Chipwitikizi pakamwa, ndipo nayenso ankangowerenga. Pa funso lachiwiri la sabata yotsatira, mwana aliyense anayesa kupanga chiganizo, ndipo anali ndi chonena m'chiganizocho.

Mnyamata wogwira buku uja akutifikitsa pa nkhani ya ulemu pakati pa ana. Elizabeth Cohen wa ku Stanford anaonetsa kuti m'gulu ana salankhula mofanana: amene anzake amamuona kuti ndi wanzeru amalankhula kwambiri ndipo amamveredwa ngakhale akulakwa, ndipo amene amalankhula kwambiri ndi amenenso amaphunzira kwambiri. Gulu losiyidwa lokha likhoza kukulitsa mpata pakati pa ana m'malo mouchepetsa. Kwathu kuno chimene chimakweza mwana pamaso pa anzake kawirikawiri ndi Chipwitikizi. Mwana wa namwino kapena wa wogulitsa pamsika wa pa boma amasanduka mfumu ya gulu, ndipo kusankha "mtsogoleri wa gulu" wokhazikika, monga ambiri amachitira, kumangodinda chidindo pa ufumuwo. Mankhwala amodzi a Cohen anali akuti mphunzitsi azitchula poyera, mwachindunji ndiponso moona, chinthu chanzeru chimene mwana wonyozeka wachita. Awiri amene anatchula za mtengo wa mango anali ana a kumbuyo amene sakweza manja. Mayi aja atanena kuti yankho lawo ndilo latsegula phunziro, n'kufotokoza chifukwa chake, anachita zimene Cohen ankanena. Kungoti "mwakhoza, tiwaombere m'manja" sikukanachita ntchito imeneyo, chifukwa ana amasiyanitsa kuyamikira kwa mwambo ndi kwenikweni.

Kodi jigiso timutaye? Sindikutero, koma malo ake ndi ochepa kuposa m'mene pepala likusonyezera. Amafuna mbali zofanana kulemera, zoima pazokha, zimene mwana angazimvetse popanda mphunzitsi. M'masukulu athu zimenezi zimapezeka makamaka mu gawo la maphunziro a za m'dera, lija lopatsidwa magawo 20 pa 100 a nthawi m'ndondomeko ya maphunziro ya 2004. Tengani kasungidwe ka zokolola: chimanga m'nkhokwe, nyemba, mbatatesi, ndi mfutso. Mwana aliyense akapatsidwa mbewu imodzi kuti akafunse kunyumba, amabwera mawa ali katswiri weniweni, wodziwa zimene mnzake sadziwa, m'chilankhulo chimene angafotokozere bwino. Sipafunika buku. Ngodya za ana 17 zithetsedwe: akatswiri akumane anayianayi, panja ngati nyengo ilola, ndipo inu mumve gulu lililonse likuyeseza zimene likanene musanalibweze. Magulu agawidwe m'mawa womwewo mutawerenga amene abwera, otsala opanda gulu aphatikizidwe awiri pa mbali imodzi. Ntchitoyi ipatsidwe maphunziro awiri otsatizana, ndipo ithe ndi mafunso oyankha aliyense payekha.

Kwa kalasi imene sinayesepo, ndikanayamba ndi mbali ziwiri zokha, pa desiki lomwelo: wakuwindo ali ndi theka la nkhani, wakukhomo theka linalo, palibe wosamuka. Mayi aja ndi m'mene akuchitira tsopano pa nkhani zowerenga za Chinyanja, ndipo mutu wa tsamba anauchotsa pa mndandanda wa maphunziro a jigiso.